Magazi a Eyiti Koloko

Pepala la kuchipatala lija ndinalipeza m'thumba la ovolosi ya amuna anga, lili ufa wokhawokha. Iwo amaphika buledi usiku wonse kubekale, ndipo tinali titatha zaka zinayi tikufuna mwana. Panalembedwa kuti testosteroni, mphamvu yachimuna ya m'magazi, ndi yotsika. M'munsi adokotala anawonjezera kuti abwerenso akayezetse kachiwiri, koma bambowo anangoti zii chifukwa cha manyazi.

Ine mtima wanga ndi wapachala, zodikira sindizitha. Alamu anga, omwe amadziwa matenda onse ngakhale sanapondepo m'kalasi ya udokotala, anandipezera majekeseni a testosteroni kwa mnzawo wonyamula zitsulo. Ndinkawabaya ndekha amuna anga kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndikupemphera.

Patatha miyezi inayi kuli chete, ndinawakokera kuchipatala. Adokotala, mayi wa imvi, anayang'ana pepalalo nafunsa nthawi imene magazi anatengedwa. Amuna anga anayankha monyadira kuti eyiti koloko m'mawa, monga anawauzira.

"Munali mutagona?"

Ayi, anachokera kuntchito, atamwa tiyi wa shuga ndi mabanzi awiri.

Adokotala anavula magalasi. Anati testosteroni imakwera munthu akamagona, n'chifukwa chake amayeza m'mawa, munthu atangodzuka, asanadye. Kwa wogwira ntchito usiku, eyiti koloko ndi madzulo ake. Chakudya, makamaka shuga, chimaitsitsanso, matenda nawonso chimodzimodzi. Ndiye kuyeza kamodzi sikokwanira: ambiri akabwereza tsiku lina amapezeka ali bwinobwino. Anavomera kuti chipatala chinayenera kufunsa za ntchito yawo poyamba pomwe.

Kenaka anati mwayi wake sanayambe mankhwala, pakuti thupi likalandira testosteroni yakunja limasiya kupanga mbewu ya abambo.

Amuna anga ankayang'ana zikhadabo zawo.

"Ndawabaya kasanu ndi katatu," ndinatero. "Ndi manja angawa."

Adokotala sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Anati tisiye majekeseniwo, ndipo mankhwalawo akatha m'thupi adzayezanso magazi kawiri, masiku osiyana, bambowo atagona mokwanira komanso asanadye. Adzayezanso umuna. Mbewu nthawi zambiri imabwerera, koma pamatenga miyezi, mwina chaka kapena kupitirira.

Ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Chaka si chinthu choti ndingataye.

Panja amuna anga anaima pakhonde, maso ali psuu ndi tulo. Ndinadikira kuti andinene, koma anangonditengera chikwama.

"Zikanakhala kuti pepala lija ndinakuonetsani tsiku lomwelo, mayi," anatero, "bwenzi titabwerera limodzi kudzayezetsanso."

Tinapita kunyumba wapansi. Iwo anakagona, ine ndinakhala pakhomo kuti ana a aneba asawasokosere.