Kadontho Kofiira pa 60

Mwandida anali ndi mutu waukulu, ndipo sankabisa. Akanabisa pati? Kusukulu ku Mkaika anzake ankamuseka kuti mutu wake umafika m'kalasi iye akadali panjira. Atakula anasiya kudandaula, mwinanso chifukwa mitu ndi imene inkamudyetsa. Pa msika wa Katete, mayi aliyense wofuna duku losokeratu, longovala ngati chipewa, ankamulozera pa khonde pamene panali makina ake.

Mwamuna wake, Duncan, ankayenda pa njinga yamoto kukagula mtedza ku Sinda ndi ku Vubwi. Chigulireni njingayo, Mwandida anali asanaikwerepo. Akapempha, yankho linali limodzimodzi.

“Amake Faith, apolisi pamsewu safuna munthu wopanda helemeti. Mukufuna andilande njinga?”

Tsono tsiku limene Duncan anabwera pa khonde paja masana n'kunena kuti amuphunzitse kuyeza mutu, Mwandida mtima unachita kuti myaa. Ati sabata yotsatira akupita ku Chipata, ndipo akagula chisoti chachiwiri, cha wokwera kumbuyo.

Mwandida anamukhazika pa mpando wa makasitomala n'kutenga tepi yake yakale yachikasu.

“Muziyang'ana mbali ya masentimita, atate ake Faith, osati ya mainchesi. Ikani zala ziwiri pamwamba pa nsidze, tepi idutse pamenepo. Kenako pamwamba pa makutu, osawapsinja, mpaka kunkhongo pamene patukuka kwambiri. Musakoke ngati mukumanga thumba la chimanga, komanso isalende.”

Tepi inakumana pa 58. Duncan anatembenuza chisoti chake, ndipo kumbuyo kwake kunali kapepala komata kolembedwa M, 57-58. Anaseka, nati kani zilembozi zili ndi ntchito, iye ankangoti n'zokongoletsa.

Kenako Mwandida anavula duku lake, poti munthu sayezedwa atavala kanthu kumutu, n'kumupatsa tepi ija. Zala za Duncan zinamukhudza pachipumi, ndipo anatsinzina ngati mtsikana. Panali patapita nthawi mwamunayo asanamugwire mofatsa chotero.

“Sikisite! Mayo ine, alipo ma helemeti otero?” anatero Duncan.

“Alipo. Mukayang'ane L, 59-60. Mukagula chaching'ono sichilowa, chachikulu chimagwedera, munthu akagwa chimavuka.”

Podziwa kuti mwamuna wake amaiwala ngakhale tsiku lobadwa la mwana wake, anatenga mankhwala ofiira opaka m'zikhadabo n'kudontheza kadontho pa 60. Anamupatsa tepiyo kuti apite nayo.

Duncan anapita ku Chipata n'kubwerako, koma za chisoti sanatchule. Mwandida sanafunse. Anaganiza kuti akufuna kumudzidzimutsa Lamlungu, apite kutchalitchi atakwera njinga amayi a Chigwirizano akuona. Anachita kuchapiratu chitenje chake chabwino.

Loweruka m'mawa akusesa m'kachipinda kosungira mtedza, anaona katoni kuseri kwa matumba. M'katimo munali chisoti chofiira, chonyezimira, chikadali m'pulasitiki. Anatseka chitseko, navula duku, nachikweza ndi manja awiri.

Chinakana. Chinafika pamwamba pa makutu n'kuima. Anakoka zingwe zake uku ndi uku kuti chitseguke, nakankha mpaka makutu anatentha. Chisoti chatsopano chimathina, zimenezo ankazidziwa, koma ichi sichinali kuthina, chinali cha munthu wina. Anachitembenuza. Kapepala kakumbuyo kankati S, 55-56. Anasuzumira m'kati, pa kansalu kosokerera, pamenepo napo S.

Anakhala pa thumba la mtedza n'kuyamba kumuikira kumbuyo mwamuna wake, monga amachitira akazi ambiri amene safuna kudziwa. Mwina wogulitsa anasokoneza makatoni. Mwina ndi cha Faith, ngakhale Faith anali ku sukulu yogonera komweko ndipo mutu anatengera mayi ake. Mwina akuchita manyazi kuti analakwitsa, akufuna akasinthe kaye. Anachibwezera bwinobwino m'pulasitiki muja. Lolemba m'mawa Duncan ananyamuka ulendo wa ku Sinda, ndipo katoni ija kuseri kwa matumba kunalibe.

Panapita masabata. Lamlungu lililonse Mwandida ankapita kutchalitchi wapansi, chitenje chija chili m'sutukesi.

Tsiku lina kukutentha, pa khonde panafika mayi wachitsikana, wowonda, waulemu wake, atanyamula nsalu yobiriwira m'jumbo. Anati dzina lake ndi Yunesi, amagulitsa tomato ku Sinda, ndipo anthu a m'minibasi ndi amene amulozera pano.

“Nifuna duku yabwino maningi, amayi. Apongozi akufuna kuniona ku Vubwi.”

“Zabwino zimenezo. Khalani apa, muvule mpangowo.”

Yunesi anavula, ndipo Mwandida asanatambasule n'komwe tepi, mtsikanayo anadziika yekha zala ziwiri pamwamba pa nsidze.

“Ni fifite-faifi. Ananipima kale abambo amene afuna kunikwatira, pamene ananigulira helemeti. Ati tepi isapsinje makutu, ndiponso osakoka monga umanga thumba ya chimanga.” Anaseka. “Mwamuna kudziwa zotero! Tepi yake anaiwala kwathu, nayenda nayo kuti mwina mungafune.”

Anapisa m'jumbo n'kutulutsa tepi yachikasu, yopindidwa mosamala.

Mwandida anailandira. Manja ake anaitambasula okha, kudutsa 30, kudutsa 50, mpaka pa kadontho kofiira. Kanali kakadalipo, kowala ngati wakapaka dzulo. Ankafuna kukwiya, kumuponyera nsalu yake kumaso, kukuwa kuti msika wonse umve, koma mtsikanayo ankamuyang'ana ndi maso oyera a munthu amene sakudziwa kanthu. Mkwiyo unasowa pogwera, panangotsala chisoni. Chimene chinamupweteka kwambiri si chisoti ayi, koma masana aja, zala zija pachipumi pake. Iye ankati mwamuna wake wamukumbukira, pamene mwamunayo ankangophunzirira pa mutu wake.

“Nanga kadontho aka?” anafunsa Mwandida.

“Kaya. Ninafunsako. Ati kanali ka mwini wake wakale, kalibe nchito.”

Mwandida anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira kumbuyo kwa mpando uja, pamene Yunesi sakanaona nkhope yake, n'kuzunguliza tepiyo pachipumi pa mtsikanayo, pamwamba pa makutu, mpaka kunkhongo. Misozi inatchinga manambala, anachita kupukuta ndi phewa kuti aone. Tepi inakumana pa 55 ndendende. Duncan anali atayeza bwino, monga anamuphunzitsira.

“Ananama kapena?” anafunsa Yunesi mwansangala.

“Pa ichi chokha sananame,” anatero Mwandida. “Tepiyi ndisiyireni, mwana wanga. Mukawauze kuti mwini wake wakale waitenga.”