Mota ya Malemu Timothy

Emelda anamva vutolo ndi khutu asanalione ndi maso. Mota ya chigayo chake, imene masiku onse inkaimba mawu osalala, m'mawa umenewo inayamba kubuula chapansipansi ngati ng'ombe yodwala. Ataika dzanja pamsana pake analichotsa msanga. Ufa unkatuluka mwaulesi. Posakhalitsa sitata, kabokosi koyatsira mota, inalira kuti "thu", chigayo n'kuima.

Tsiku lake linali loipa. Apongozi ake aamuna anali atamwalira dzulo lake, ndipo matumba a chimanga cha pamaliro anali ataunjikidwa pakhomo. Anthu anali kubwera kuchokera ku Nthalire konse, ena mpaka ku Zambia, ndipo onsewo ankabwera ndi mimba zawo.

Emelda anali wa ku Ntcheu. Anabwera kuno ku Nthalire ndi mwamuna wake Timothy, amene anagula motayo atagulitsa fodya, n'kumwalira asanaidyerere. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kalekale, choncho ana anali a kuchimuna. Akuluakulu anamuuza poyera kuti akhale, alere anawo, malinga ngati chigayo cha mbale wawo chikuyenda. Ichi ndicho chifundo chimene anamuchitira. Kunena zoona, amene ankamusunga pamudzipo sanali munthu ayi, inali mota.

Anadina batani lobiriwira. Mota inang'ung'uza, inanjenjemera, koma sinatembenuke. Anazimitsa, n'kuimbira foni Aaron, wokonza zamagetsi wa pamsikapo.

Aaron anatsegula sitata n'kuyeza mawaya atatu obwera kuchokera pamtengo wa magetsi, awiriawiri. Pakati pa wofiira ndi wachikasu mita inaonetsa mphamvu yonse. Akangogunda wabuluu, nambala inkagwa.

"Amama, feizi imodzi yachoka," anatero. "Mota iyi imadya mawaya atatu, tsono wabuluu wafa. Kodi masiku apitawa siinkatentha?"

"Inkatentha, koma inkagaya."

"Ndiye chiyambi chake chimenecho. Magolosale ambiri pano anakoleka pa waya yemweyu, mphamvu yake inkatsika. Mawaya akasiyana mphamvu pang'ono chabe, mota imakoka moto wosiyana kwambiri, mbali ina n'kumatentha. Lero fyuzi yapserera ku thiransifoma. Taonani ometa tsitsi uko azima, pomwe oyandikana nawo akuyaka."

"Simungaibwezere?"

"Kumeneko sindigwirako. N'kwa eni magetsi, mpaka abwere kuchokera ku Boma. Ndiwaimbira, koma msewu mukuudziwa. Musaiyatse, chonde. Feizi ikachoka mota ili pa liwiro, imapitirira kuzungulira, koma mawaya awiri amasenza katundu wa atatu. Ikaima siidzuka yokha. Sitata yaizimitsa dala kuti isapse."

Aaron akulongedza zida, anafika Jackson, mkulu wake wa Timothy, ndi amuna ena a kumaliro. Jackson anali munthu wodziwa chilichonse, makamaka zimene sanazigwirepo. Anamvetsera pang'ono, n'kuloza kudenga.

"Mlamu, babu iyo ikuyaka kapena maso anga ndiwo?"

"Ikuyaka, alamu."

"Tsono magetsi achoka uli?"

Aaron anafotokoza kuti babu imadya waya mmodzi, ndipo yakolekedwa pa wamoyo. Jackson sanam'yang'ane n'komwe. Emelda anapempha kuti chimangacho chipite ku chigayo cha dizilo kutsidya kwa mtsinje. Apo ndiye anaponda pachilonda.

"Adada agone m'nyumba, chimanga chawo chikagayidwe kwa anthu, ife tili ndi chigayo pakhomo? Mukufuna dziko litiseke? Akanakhala adada anu ku Ntcheu, mukanawerenga mawaya?"

Azimayi amene ankadikira ufa pakhomo anayang'anizana, akusunga mawu kuti akawatulutse kumadzi. Emelda anaona nkhope zawo ndipo anachita mantha. Ankadziwa kuti Aaron akunena zoona. Ankadziwanso kuti mkamwana wokana kugaya ufa wa maliro a apongozi ake saiwalika, ngakhale adzukulu ake adzamva.

"Kwathu ku Mafinga ndinaona akuchita," anatero mmodzi mwa amunawo. "Mumakoka lamba ndi manja, ikagwira liwiro imapita. Sitata ikamavuta mumaipanikiza ndi kamtengo."

"Mukatero mwaimanga manja," anatero Aaron. "Siithanso kuzimitsa. Ine ndisakhalepo." Anakwera njinga yake n'kumapita.

Jackson anathyola kamtengo pa tsache, koma sanakalowetse yekha. Anthu otere salowetsa okha. Anakapereka kwa Emelda.

"Chigayo mumachidziwa ndinu, mlamu."

Emelda anakalandira. Amuna anakoka lamba, chigayo chili chopanda kanthu, mpaka chinayamba kuzungulira, ndipo iye anakankha kamtengo kaja m'sitata. Mota inabuula, inakoka pang'onopang'ono, n'kugwira liwiro. Amunawo anaseka, wina n'kunena kuti amagetsi a masiku ano amangodziwa kuopseza akazi.

"Tizithira pang'onopang'ono," anatero Emelda.

Koma ndani amathira pang'onopang'ono anthu akudikira kumaliro? Ankakhuthula ndowa yathunthu, ina n'kutsatira. Kubuula kuja kunakula mpaka malata anayamba kunjenjemera. Liwiro linkatsika ndowa iliyonse ikalowa. Emelda anayandikira mota, kutentha kwake n'kumuwomba kumaso asanaigwire. Anatambasula dzanja kuti azule kamtengo.

"Thumba ili lokha lithe," anatero Jackson.

Thumbalo silinathe. Kunabwera fungo lowawa la vanishi wopsa, kenaka utsi wakuda unatuluka m'mbali mwa mota. Emelda anazula kamtengo, koma anazulira mtembo, mota inali itafa kale. Chimanga chotsalacho anachikweza pa ngolo kupita kutsidya, ndipo dziko silinaseke aliyense. Anthu anadya, anakhuta, anayamika banja lochereza.

Eni magetsi anabwera maliro ataikidwa kale, anabwezeretsa fyuzi m'kanthawi kochepa chabe. Aaron anatsegula mota ija. Makoyilo, mawaya okulungidwa m'kati mwake aja, a mbali ziwiri anali akuda ngati makala, a mbali yachitatu ali owala bwinobwino, chifukwa waya wake wakufa uja sunawapatse moto. Anati pokhapokha ikakulungidwenso ku Mzuzu. Emelda anayang'ana mbali yoyerayo nthawi yaitali. Anali asanalire bwino apongozi ake, koma apa analira.

Pa tsiku lokambirana za pakhomo, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango, akazi pamphasa chapatali. Atatha za munda ndi ng'ombe za malemu apongozi aja, Jackson anaimirira, chipewa chili m'manja, mawu ake ofatsa ngati a mlaliki.

"Pali nkhani ina yowawa. Mng'ono wanga anasiya chigayo kuti chilere ana ake. Tinachisiya m'manja mwa mlamu wathuyu pomukhulupirira. Lero chapsa. Wamagetsi anamuchenjeza, ife tonse tikumva."

Emelda anadzutsa mutu. Anayang'ana amuna amene anakoka lamba aja. Wina ankatokosa dothi ndi chala cha kuphazi, wina ankayang'ana mango.

Mkulu wotsogolera zokambirana, amalume awo a Jackson, anatembenukira kwa Emelda.

"Mwana wanga, sitikufuna mawu ambiri. Kamtengo kaja m'sitata anaikamo ndani?"

"Ndine, adada."

"Yewo," anatero mkuluyo. "Tsono tikambe za kumene ana azikhala."