Thirasi Yachisanu ndi Chimodzi

Loness ankachapa mayunifolomu a ana pomwe a Usman, akalipentala, anatsika pakhoma la nyumba yawo yatsopano.

"Amayi, denga silitheka. Matabwa aperewera, ndipo mvula ndi iyo."

Loness anatembenukira mwamuna wake Joachim, yemwe anakagula matabwawo ku Ruda. Iye ankangoyang'ana nkhunda zake.

"Nyumbayi ndi mamita sikisi m'litali," anatero Joachim. "Thirasi iliyonse ya denga, ya mtanda umodzi ndi mapaso awiri, italikirane ndi inzake mita imodzi ndi masentimita twente. Mathirasi asanu basi!"

Loness anati kwa mwamuna wake, "Bambo a Tongai, tambasulani dzanja. Mipata inayi, koma zala zingati? Mipata isanu ifuna mathirasi asanu ndi imodzi. Poti njerwa zokwezera makoma akumapeto zinatha, kumapeto konse kukufunika thirasi. A Usman, chikusowa n'chiyani?"

"Mbaliro zakwana, mizere itatu mbali iliyonse. Mitanda ya mamita anayi, ya m'lifupi mwa nyumba, ilipo isanu. Mapaso alipo khumi, osati khumi ndi awiri."

Loness anakumbukira kuti Joachim wakhala akuyeza malo a khola la nkhunda sabata yonse. Analowa m'nthochi, manja ali thovu lokhalokha, n'kukankha masamba ouma ndi phazi. Mtanda umodzi ndi mapaso awiri zinali gone pamenepo, zisanadulidwe.

"Ha! Anagwa pangolo amenewa," anatero Joachim.

"Anagwa n'kudzifunditsa okha masamba? Senzani, bambo. Nkhunda zanuzo zili ndi nthenga, ana anga alibe."

Loness anabwerera kubeseni. Sopo anali atasungunukira m'madzi, malaya atatu akudikirabe.