Anaba Yankho la Kasamu

Amene anaba mwayi wa Kasamu ndi bambo ake aang'ono, mng'ono weniweni wa malemu bambo ake. Sanabe katundu ayi. Anaba yankho la imelo.

Kasamu, mtsikana amene masamu ankangowamwa ngati madzi, ankafuna kudzakhala woyeza malo. Kusukulu kwawo kunabwerapo mayi wina wa ntchito imeneyo, nsapato zili matope okhaokha, ndipo pochoka anasiya adiresi yake ya imelo pa bolodi. Atatsiriza sukulu, Kasamu analemba imelo pa foni n'kuwawerengera mayi ake, mayi wamasiye wosoka mayunifolomu pakhonde.

"Mutu wake: Pempho locheza nanu za ntchito yoyeza malo. Ndinakumvani mukuyankhula kusukulu kwathu. Sindikupempha ntchito. Ndikupempha mphindi makumi awiri, pa foni kapena ku ofesi, tsiku limene mungasankhe inu, ndifunseko za maphunziro amene munachita ndi mmene tsiku lanu limayendera."

"Basi?" mayi ake anafunsa, ulusi uli pakamwa. "Yafupika ngati siketi ya mwana wa sitandade wani."

"Anthu otanganidwa sawerenga zazitali, amayi."

"Kaonetse bambo ako aang'ono. Iwo za ofesi amazidziwa."

Mawu amenewo akuwawotcha mpaka lero. Anamutumiza okha mwana wawo kushopu ya fotokope ya alamu awo. Kumeneko bamboyo anaseka adiresi ya mtsikanayo, yokhala ndi dzina lachibwana, nati munthu wolemekezeka angoifufuta osatsegula. Apo sananame. Koma anawonjezera kuti atumize pa adiresi yake, yankho likabwera adzamuuza.

Kuyambira apo, Kasamu akafunsa ankangomva kuti, "Zii, mwananga. Akuluakulu sayankha."

Mtsikanayo anatsegula adiresi ina ya dzina lake lenileni, nalembera mayi woyeza malo uja mizere iwiri yokumbutsa mwaulemu. Yankho linalowa masana, mayi ake akupinda kolala. Kasamu anawerenga, milomo n'kuuma.

"Iwe, wafa ndani? Werenga ndimve!"

"Akuti, 'Ndinakuyankhani kale, ndinakupatsani tsiku. M'malo mwanu kunabwera mchimwene wanu, akuti inu munasintha maganizo. Analibe funso ngakhale limodzi. Anayala masatifiketi padesiki panga n'kupempha ntchito, ndipo anakana kutuluka mpaka mlonda anamugwira dzanja. Munalemba kuti simukupempha ntchito. Chonde musandilemberenso.'"

"Mchimwene uti? Ine ndinabala iwe wekha!"

Phazi la mayiwo linatsika pa mashini. Anaponya kolala pambali. Kenako anadzuka, tepi yoyezera ikadali m'khosi, ulendo wa kushopu.

Anapeza alamu awo akuika mapepala mu mashini, mwana wamwamuna wa alamuwo atatsamira kauntala akutokosa m'mano.

"Alamu, mayi woyeza malo uja sanayankhe?"

"Mlamu, moni kaye."

"Moni wanu sungani. Sanayankhe?"

Bamboyo anayang'ana makasitomala, natsitsa mawu. "Anayankha. Ndiye ine ndinaganiza ngati munthu wamkulu. Chitseko cha ofesi ngati imeneyo chatseguka, inu mukalowetsemo mwana wongokafunsa mafunso? Mafunso amadyedwa? Uyu wakhala pakhomo chimalizireni sukulu. Akanalowa ntchito, akanamukoka mlongo wakeyo."

"Analowa?"

"Mayi ujanso ndi wonyada," mnyamatayo anayankhira. "Ngakhale mpando sanandipatse."

"Iwe khala chete, wosadziwa kusiyanitsa tepi yoyezera malo ndi chingwe choyanikira zovala!"

Makasitomala anaphulika kuseka. Mayiwo sanaseke. Chimene chinawaziziritsa thupi n'chakuti alamu awo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Ankayankhula ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa.

"Alamu, munamuuza akanene kuti mwana wanga wasintha maganizo?"

"Nanga akananena kuti chiyani pa geti?"

Mayiwo analamula alamu awo atsegule kompyuta, atumize yankho loyamba lija ku foni ya Kasamu. Linali lokoma mpaka kuwawa. Mayi woyeza malo analemba kuti wasangalala, atsikana pa ntchito imeneyi ndi ochepa, abwere ndi mafunso ake, amuonetsanso makina amene amaimika pamiyendo itatu.

Kunyumba Kasamu analira, natsuka kumaso. Mayi ake anati, "Lemba. Muuze zonse. Ndikamugwadire ndine ngati n'kofunika."

"Wanena kuti ndisalembenso, amayi."

"Kupepesa sikupempha."

Kasamu analemba mizere itatu: kuti yankho loyamba sanalione, kuti munthu uja sanamutume, kuti akupepesa ndipo sadzavutitsanso. Anatumiza. Foni inakhala pa mashini osokera, mayi ake akuiyang'ana kuposa singano, mpaka anasoka mkono wa malaya chozondoka. Sinalire tsiku limenelo, sinalire mwezi wonse.

Tsopano achibale akuti mayiwo akapepese, chifukwa ananyoza alamu awo pamaso pa makasitomala. Inu amene mwawerenga, musangopukusa mutu. Yankhani: apepese ndani?