K3,000 pa Tsiku

Pofika teni koloko m'mawa, anthu amene anasonkhana kunja kwa ofesi ya esiteti anali atapitirira mazana atatu. Unali mwezi wa Januwale, nthawi imene tiyi amaphuka msanga, moti tsamba losathyoledwa lero limakhala litakhwima sabata yamawa. Koma madengu anali ataunjikidwa pansi pa mibawa, ndipo eni ake anali chilili, maso ali pakhomo.

M'katimo munali anthu atatu. A Crispin Mbendera anali mkulu wa zachuma pa esitetipo. A Mabvuto Likhutcha, amene ankagwira ntchito kufakitale, anali wapampando wa yuniyoni. Wachitatu anali Esnat Nahawa, mayi wa ana atatu, amene anali atathyola tiyi zaka khumi ndi zinayi, ndipo azimayi a m'minda anamusankha kuti aziwayankhulira.

Pepala linali kale patebulo. Malipiro a tsiku amachoka pa K2,500 kufika pa K3,000. A Mabvuto anali atasaina, ndipo mbiri inali itamveka kale kunja kuti kukubwera 20 peresenti, ndalama imene sinawonjezedwepo n'kale lonse. Koma malamulo a yuniyoni amafuna kuti oimira anthu asaine onse awiri, ndipo Esnat anali atabweza cholembera.

Anafotokoza mosakweza mawu. Chaka chatha masiku 26 ogwira ntchito pamwezi ankamupatsa K65,000. Chimanga, mafuta ophikira, sopo, mchere, shuga, matemba ndi ndalama yachigayo zinkamudyera K60,000, n'kutsala K5,000 ya makope a ana. Zinthu zomwezo, osawonjezapo ngakhale machesi, sabata yathayi anazifunsa kumsika n'kupeza kuti zafika K78,000. Malipiro atsopanowo pamwezi amakwananso K78,000.

"Ndiye mwandiwonjezera chiyani, bwana? Pepalali likuti ndakwera, koma ya makope ija yapita."

A Crispin sanatsutse masamuwo. Anati n'zoona kuti nambala yolembedwa pa envulopu ndi chinthu china, ndipo zimene ndalamayo ingagule ndi chinanso. Koma anachenjeza kuti anthu oposa chikwi akalandira ndalama zambiri tsiku limodzi, onse amathamangira msika umodzi, pamene matumba a chimanga ali omwe aja. Ogulitsa amaona khamu, n'kukweza mtengo. Anati yuniyoni ikaumirira 30 peresenti, idzakhala ikumenyera nkhondo matumba a ogulitsa.

A Mabvuto anagwedeza mutu kuvomereza. Anamunong'oneza Esnat m'Chilomwe kuti asachedwetse zinthu, chifukwa anthu aganyu a nyengo ya mvula akuopa kuti akangonyanyala sadzalembedwanso. Asanamalize, mwala unagwa padenga la malata n'kugubuduka mpaka pansi. Kunja wina anatchula dzina la Esnat, ena n'kulandizana. Mlonda anasuzumira pakhomo n'kunena kuti anthu amva zoti mayiyu ndi amene akutsekereza ndalama zawo, ndipo ena akuti wadya za mabwana a yuniyoni a ku Blantyre.

Nyumba ya Esnat inali m'malaini a esiteti, pakati pa anthu omwewo, ndipo ana ake anali kusukulu limodzi ndi ana awo. Anaimirira n'kunena kuti akawauza yekha.

Atatuluka, phokoso linakula kenako n'kuchepa. Anakwera pa sitepe yapamwamba, nayamba m'Chilomwe kuti achikulire amve bwino, kenako m'Chichewa. Sanatchule maperesenti. Anafunsa azimayi kuti botolo la mafuta ankagula zingati Januwale watha, nanga lero. Anafunsa za chigoba cha chimanga, za sopo, za minibasi yopita ku boma. Mayankho ankachokera mbali zonse, ndipo aliyense poyankha nkhope imasintha. Pamapeto anati kuti munthu agule zimene ankagula chaka chatha, afunika K3,250 pa tsiku, ndipo chilichonse chochepera pamenepo ndi kudulidwa malipiro, ngakhale envulopu itanenepa.

Kenako bambo wina kumbuyo anati ngati zili choncho, wakuba si esiteti ayi, koma amene amakweza mitengo. Anthu anatembenuka. Pafupi ndi geti panali lole ya a Stambuli Ajusa, mwini golosale yaikulu pamsika wa esiteti, amene anabwera kudzatsitsa nkhuni za kufakitale ndipo anatsekerezedwa ndi khamulo. Anyamata ena anayamba kulowera kumeneko. Mmodzi anamenya chitseko cha lole ndi chikhatho, wina anatola njerwa.

Esnat sanayembekezere zimenezi. Anatsika masitepe n'kudutsa pakati pa anthu mothamanga, chitenje atachigwira ndi dzanja limodzi, nakaima pakati pa anyamatawo ndi lole. A Stambuli anali atatseka galasi, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Esnat anawapempha kuti atsike, ndipo atazengereza anatsika, chisoti chili m'manja.

"Achimwene, ayankheni anthuwa zoona zokhazokha," anatero Esnat. "Tsiku la malipiro mumakweza chimanga kapena ayi?"

A Stambuli anayang'ana njerwa ija, kenako anavomera. Anati tsiku limenelo anthu makumi asanu amalimbirana matumba khumi, ndipo ogulitsa onse amakweza, osati iwo okha. Koma pakati pa mwezi, anthu akauma m'manja, mtengo umabwererako pang'ono, ndipo aliyense pano akudziwa. Phokoso linayambanso, koma Esnat anakweza dzanja n'kufunsa za mafuta ndi sopo, zimene zikakwera sizitsikanso.

Apa a Stambuli anatsegula chitseko n'kutulutsa malisiti a kuholoselo ku Limbe, ena a chaka chatha, ena a mwezi uno. Anawapereka kwa mnyamata wa njerwa uja kuti awerenge yekha mokweza. Katoni ya sopo inali itakwera kuholoselo komweko. Anati dizilo wopita ku Limbe n'kubwerera wakwera, matayala akwera, ndipo a holoselo akuti zipangizo amagula kunja ndi madola, pamene kwacha inagwa. Anawonjezera kuti masiku ano amagulitsa sopo wochepa kuposa kale, chifukwa anthu akudula mtanda umodzi pawiri.

Esnat anatembenukira khamulo. "Mwamva. Chimanga cha tsiku la malipiro chimakwera chifukwa tachuluka ogula. Sopo wakwera ife tisanawonjezeredwe ngakhale tambala, ogula atachepa. Mukatentha loleyi, sopo atsika?"

Mnyamata uja anabweza malisiti, ndipo njerwa anaiponya m'ngalande. Mayi wina wachikulire anauza Esnat kuti abwerere m'katimo, iwo adikira.

A Crispin anaonera zonsezi pawindo. Esnat atakhala pansi, thukuta lili kamukamu, a Crispin anamuthirira madzi m'kapu. Kenako ananena zimene m'mawa sananene. Anati za pamsika ndi za dizilo zonse n'zoona, koma pali chachitatu chimene palibe aliyense pa esitetipo angachigwire. Dizilo akakwera kamodzi, mitengo imalumpha kamodzi n'kukhazikika. Koma boma likamabwereka kwambiri ku banki yaikulu, ndalama zozungulira m'dziko zimachuluka mofulumira kuposa chimanga, sopo ndi tiyi zimene dzikolo likupanga. Zikatero kwacha iliyonse imagula zochepa chaka ndi chaka, ndipo anthu amathamangira madola, kwachayo n'kugweranso. Anati ngakhale esiteti ikaona makwacha ambiri ikasintha madola a tiyi, ambiri amathera ku feteleza, dizilo ndi zitsulo za makina.

Esnat anamwa madziwo pang'onopang'ono. Anafunsa ngati a Crispin akuyembekezera kuti mitengo ipitiriza kukwera chaka chino. Iwo anati inde. Anafunsanso kuti pokonza bajeti ya feteleza anawonjezerapo zingati. A Crispin anati 35 peresenti.

"Feteleza mwamupatsa 35 chifukwa wogulitsa sangamve za 20," anatero Esnat. "Ife mwatipatsa 20, ndipo mukuti tikhale nayo miyezi khumi ndi iwiri, inu nomwe mukudziwa kuti pofika Juni idzakhala itasungunuka."

A Mabvuto, amene nthawi yonseyi anali ataweramitsa mutu, anakoka pepala lija n'kukhwatcha pamene anasaina. A Crispin anatenga foni natuluka kukhomo lakumbuyo kukalankhula ndi akuluakulu a kampani. Anakhalako pafupifupi ola lathunthu. Kunja kunayamba kuwaza mvula, koma anthu sanachoke, anangophimba mitu ndi mapulasitiki othyolera tiyi. Galimoto ya apolisi inafika n'kuima pageti, apolisiwo osatsika.

A Crispin atabwerera anati K3,250 yakanidwa. Chimene chinatheka ndi K3,100, ndipo mbali ziwirizi zikhalenso pansi pakatha miyezi isanu ndi umodzi kuona mmene mitengo yayendera. Esnat anapempha china. Anati esiteti igule chimanga chambiri nthawi yokolola, chikadali chotsika, ichisunge, n'kumagulitsa antchito pamtengo umene inagulira m'miyezi ya njala, kuti anthu asamakaunjikane pamsika tsiku limodzi. A Crispin anaganiza, n'kunena kuti nkhokwe yakale ya feteleza ili yopanda kanthu, ndipo zimenezo angazivomere okha. Zinalembedwa ndi cholembera m'munsi mwa pepalalo, onse atatu n'kusaina.

Esnat anatulukanso. Sanawanamize anthu. Anawauza kuti K3,100 ikuperewerabe K150 pa tsiku kuti afike pamene anali chaka chatha, ndiponso kuti chimanga cha esiteti sichidzaoneka mpaka anthu atakolola. Ena anawomba m'manja, ena anang'ung'udza, ndipo bambo mmodzi anamuuza pamaso kuti wawatayitsa theka la tsiku chifukwa cha K100 yokha. Esnat anavomera kuti ndi yochepa.

Akapitawo a m'minda anayamba kuitana magulu awo. Esnat anafunsa a Mabvuto kuti apeze anthu awiri, wina wa kufakitale wina wa kumunda, oti azilemba mitengo ya pamsika Loweruka lililonse mpaka Julaye. A Mabvuto anati wa kufakitale akhala iwowo. Kenako Esnat analowera ku munda wa nambala seveni, kumene gulu lake linali litayamba kale mzere woyamba.