Ngalande ya Kuseri kwa Galaja

Kusukulu ankamutchula kuti Kamagalasi, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba, moti ngakhale mayi ake pomutuma ankaitana lomwelo. Anali m'chaka chomaliza cha sekondale. Masamu ankawakhoza mwakuti anyamata am'kalasi mwake anasiya kalekale kupikisana naye, ndipo mtima wake unali pa zauinjiniya. Koma pakhomo aliyense ankadziwa kuti popanda sikolashipu, koleji adzangoionera panja pampanda.

Amene ankathandiza ana kulemba mafomu a sikolashipu anali aphunzitsi a Bayoloje, mayi wamfupi wosakonda kuzungulira polankhula. Anamuitanira m'kachipinda kosungiramo zida za mulabotale, momwe munali mpando umodzi wokha, ndipo Kamagalasi anaima atatsamira kabati.

"Magiredi ako ndilibe nawo nkhawa," anatero aphunzitsiwo. "Koma onse opempha sikolashipu imeneyi ndi okhoza. Chimene amasiyanitsira ndi tsamba ili. Akufuna ufotokoze vuto limene unaliona kwanuko, zimene unachitapo, anthu amene unawatsogolera, ndi chimene chinasintha. Pakhalenso kalata ya munthu wamkulu amene anaona ndi maso, osati m'bale wako. Waganiza chiyani?"

"Kubzala mitengo, madamu."

"Ukaibzala pati? Kwanu kuja ngakhale poyanika zovala mumalimbirana."

"Nanga kuphunzitsa ana kuwerenga?"

"Ndi zabwino, koma chaka chatha ana atatu analemba zomwezo, onse atayamba fomu itafika kale. Owerenga mafomuwa si ana. Ndiuze, n'chiyani chimene chimakunyansa tsiku lililonse ukamatuluka pakhomo?"

Kamagalasi sanachedwe kuyankha. Inali ngalande. Inkadutsa kuseri kwa galaja imene bambo ake ankagwirako ntchito ya umakaniko, n'kulowa pansi pa mdadada wa nyumba za lendi, n'kukatulukira pabwalo pomwe ana ankasewera mpira. Madzi ake anali akuda bii, pamwamba pakuyandama oyilo wakale wa magalimoto. Mpira ukagweramo, ana ankautola ndi manja. Mvula ikagwa, madziwo ankasefukira mpaka pamakomo, ndipo fungo lake linkalowa m'zovala.

Nkhope ya aphunzitsi inawala. "Ndiye mutu wako ndi umenewo. Oyilo satayidwa pansi. Amasungidwa m'migolo, ndipo pali anthu amene amabwera kudzatenga. Ukambirane ndi eni magalaja, uuze akhonsolo adzaone, usonkhanitse anzako. Jambula ngalandeyo lero, udzajambulenso pakatha miyezi ingapo. Nthawi ikadalipo mayeso asanayandikire."

Kamagalasi anabwerera kunyumba akuyenda ngati sakuponda pansi.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri. Pabalaza panali makina osokera a mayi ake, ndipo Kamagalasi ankawerengera pathebulo lomwe mayiwo ankadulirapo nsalu. Madzulo amenewo bambo ake anafika n'kukhala pakhomo, akuchotsa girisi m'zikhadabo ndi kamtengo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Atamva zoti akhonsolo, anasiya kamtengoko.

"Oyilo ameneyo amathira ndani m'ngalandemo?" anafunsa.

Kamagalasi anangoyang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe, wophunzira."

"Ndi inu, bambo."

"Ndine. Amandituma ndani?"

"Abwana."

"Nanga nyumba ino ndi ya ndani?"

Inalinso ya Abwana. Galaja inali yawo, mdadada wonse unali wawo, ndipo zipinda ziwiri za kumapeto, zomwe banja la Kamagalasi linkagonamo, anaziwonjezera okha pamwamba penipeni pa ngalandeyo popanda chilolezo. Komanso Abwana omwewo ndiwo anali wapampando wa komiti ya anthu okhala mumsewumo. Kalata imene fomu inkafuna, munthu woyenera kuilemba anali iwowo.

"Akhonsolo akabwera sadzangoona oyilo," anatero bambo ake. "Adzafunsa kuti zipinda izi zinamera bwanji pamwamba pa madzi. Iwe udzapita kukoleji. Ife tidzanyamula makinawa pamutu kupita kuti?"

Mayi ake anaimitsa makina. "Bambo ake, mwanayu sanalakwe. Bwanji angosintha mutu? Mitu yatha?"

Mitu inali isanathe, koma uliwonse umene ankaugwira unkamupulumuka. Anaganiza zothandiza okalamba, koma mumsewu mwawo munadzaza mabanja achinyamata ongobwera kudzasaka ntchito. Anaganiza zoyambitsa gulu la atsikana okonda masamu kusukulu, koma ahedi anati ophunzira a chaka chomaliza saloledwa kuyambitsa magulu atsopano. Mnzake wokhala naye desiki limodzi anamuuza kuti angolemba zabodza, abwereke zithunzi. Kamagalasi anayesa kulemba chiganizo choyamba, dzanja linakana.

Atabwerera kwa aphunzitsi a Bayoloje n'kuwafotokozera zonse, iwo anavula magalasi awo n'kupukuta nthawi yaitali.

"Sindingakuuze kuti ugwetse nyumba ya makolo ako," anatero. "Sindingakuuzenso kuti mitu inayi ndi yamphamvu ngati uwu, ndingakhale ndikukunamiza. Kayese kulankhula ndi mwini galajayo. Usatchule khonsolo. Ungopempha migolo ndi malo oiikapo."

Loweruka m'mawa Kamagalasi anapita kwa Abwana. Ofesi ya Abwana inali kakhumbi ka malata m'kati mwa galaja, kodzaza ndi mabatire akale ndi makalendala a zaka zapita. Bambo ake anali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka, ndipo Kamagalasi anaona kuti sipanala yasiya kulira iye atangolowa.

Abwana anali munthu wansangala, wa mawu aakulu. Anamupatsa mpando, n'kumumvetsera akugwedeza mutu.

"Mwana wanga, wandisangalatsa," anatero. "Ana amasiku ano amangodziwa foni. Ngalande ija ine imandiwawa mtima kwambiri. Ukudziwa vuto lake? Mapepala apulasitiki. Azimayi am'mudzi muno amataya chilichonse."

"Komanso oyilo, bwana. Ndimaganiza kuti tikapeza migolo iwiri..."

"Migolo imaitana maso. Lero mgolo, mawa munthu wa galimoto yolembedwa mawu wafika ndi mafunso. Oyiloyo tisiyire ife akuluakulu. Iwe usonkhanitse ana, Loweruka lililonse muzichotsa zinyalala. Ndikupatsani mareki, mafosholo, wilibala, ngakhale magolovesi. Kalata ndidzalemba ndekha, ya sitampa. Si choncho, amakaniko?"

Pansi pa minibasi panatuluka mawu. "Ndi choncho, bwana."

Kamagalasi asanatuluke n'komwe, Abwana anali ataitana kale anyamata apagalaja n'kuwauza kuti mwana wa amakaniko ndiye mtsogoleri wa zaukhondo mumsewu wonse. Pofika masana nkhani inali ponseponse. Azimayi ankamuyamikira pampopi. Mayi ake anasoka timalamba ta nsalu yobiriwira toti ana azivala pamkono. Panalibenso pobwerera.

Choncho mutu unasankhika: kuyeretsa ngalande. Ana ankabwera ambiri, ena chifukwa cha wilibala basi. Kamagalasi anawagawa m'magulu, aang'ono kutola mapepala kumtunda, aakulu okha ndi amene ankayandikira madzi, atavala magolovesi. Anaika munthu wosunga zida, wina wolemba mayina. Ntchito inkaoneka. Mapulasitiki anatha, madzi anayamba kuyenda, ndipo mvula yotsatira sinafike pamakomo. Koma popeza madzi ankayenda bwino tsopano, oyilo naye ankayenda bwino. Lolemba lililonse ankafika pabwalo la ana mofulumira kuposa kale, wonyezimira mitundumitundu padzuwa.

Tsiku lina akupita kusukulu, Kamagalasi anakumana ndi bambo ake kuseri kwa galaja atanyamula beseni lakuda. Onse anaima. Bambowo anayang'ana beseni, anayang'ana mwana wawo.

"Pita, uchedwa," anatero motsitsa mawu.

Anapita. Sanacheuke, koma anamva kukhuthuka kwake.

Nkhani ya pafomu anailemba kangapo. Aphunzitsi a Bayoloje anawerenga yomaliza n'kunena kuti munalibe bodza ngakhale limodzi. Kenaka anawonjezera kuti munali dzenje pakati, ndipo munthu wamaso adzaliona. Kalata ya Abwana inabwera yotayipa bwino, yomutamanda mpaka iye mwini anachita manyazi kuiwerenga.

A bungwe lopereka sikolashipu anamuitana kuti akamufunse mafunso. Chinali chipinda chozizira cha pansanjika, ndipo kuseri kwa thebulo lalitali kunakhala anthu atatu. Mafunso oyamba anayankha bwino: mmene anagawira ntchito, zimene anachita ana ena atayamba kujomba, amene adzapitirize iye akachoka. Kenaka mayi wina wa imvi, amene anali chete nthawi yonseyi, anakweza chithunzi chimodzi.

"Apa zinyalala zachoka, ndaona. Koma madziwa akadali akuda. Chakuda ichi n'chiyani?"

"Ndi oyilo wa magalimoto."

"Amachokera kuti?"

Kamagalasi anayang'ana mapepala amene anali patsogolo pa mayiyo. Kalata ya Abwana inali pathebulo pomwepo, dzina la galaja lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu.

"Kumagalaja a kumtunda," anayankha.

"Unalankhula nawo eni ake?"

"Ndinalankhula ndi mmodzi."

"Anati chiyani?"

"Anatipatsa mareki."

Bambo wokhala kumapeto anaseka pang'ono. Mayi wa imvi uja sanaseke. Anamuyang'ana kanthawi ngati akudikira kuti apitirize, ndipo Kamagalasi anadziwa kuti akanangonena zonse, za zipinda ziwiri, za beseni, mwina mayiyo akanamvetsa. Koma sanadziwe kuti mawu onenedwa m'chipinda chimenecho amakathera kuti. Anatseka pakamwa. Mayiyo analemba kenakake n'kutembenuza tsamba.

Yankho linabwera mayeso atatha. Sanamukane, sanamutenge. Anamuika pagulu la odikirira, kuti wina mwa osankhidwawo akalephera kupita, adzamuitana. Aphunzitsi a Bayoloje anati zimachitika ndithu kuti ena amapeza mwayi kwina n'kusiya malo, ndipo anamupatsa mafomu a mabungwe ena awiri oti ayesenso. Onse awiri anali ndi tsamba lofunsa za utsogoleri.

Bambo ake anamva za yankholo. Anatuluka n'kukakhala panja nthawi yaitali, ndipo pobwera anamuikira pathebulo cholembera chatsopano, chikadali m'pepala lake.

Loweruka lotsatira Kamagalasi anafuna kugona pang'ono, popeza sukulu inali itatha. Dzuwa lisanakwere anamva wilibala ikulira pakhomo, kenaka timawu tambiri tikumuitana kuti achemwali. Mayi ake anasuzumira pawindo.

"Anthu ako afika," anatero. "Abwananso aima pageti, akuti lero kubwera mlendo wofuna kuona ntchito yanu."

Kamagalasi anakhala pabedi kanthawi, mapazi ali pasimenti yozizira. Kenaka anawerama n'kuyamba kufunafuna nsapato zake zakale kunsi kwa bedi.