Mzere wa Mjigo wa Pasukulu

Mayi woyeza madzi anafika paholo ya khonsolo kutatsala mphindi makumi anayi kuti msonkhano uyambe. Kwa miyezi itatu anali atazungulira mijigo makumi awiri ndi inayi, akutunga madzi m'timabotolo ndi kukawayeza. Lero linali tsiku louza akuluakulu mijigo yoyenera kutsekedwa.

Kompyuta ya muholomo inali pakona, pansi pa fani yosazungulira, ndipo ankaiyang'anira bambo wina wa imvi yemwe aliyense ankangomutcha Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera palamba wake. Makiyi analandira fulashi ya mayiyo, naizika, natsegula fayilo. Silaidi yoyamba itaonekera pakhoma, mayiyo anamva kutentha m'makutu. Mutu wa nkhani unali utaduka pawiri, theka lake litakwera pachithunzi cha mjigo.

"Pitirizani," anatero.

Yachiwiri mawu anali atasefukira kunja kwa bokosi. Yachitatu chimodzimodzi. Atafika pa yachisanu, pamene panali zotsatira, mayiyo anayandikira khoma ngati sakuona bwino. Mjigo wa pasukulu, umene iye mwini anapezamo tizilombo ta m'chimbudzi 240 m'kabotolo kamodzi, unali utayang'anizana ndi ziro. Nambala 240 ija inali itakhala pafupi ndi mjigo wa kuseri kwa bwalo la mpira, womwe madzi ake analibe vuto lililonse. Dzina lomaliza linali litagwera pansi palokha, lopanda nambala.

Amene anakonza masilaidiwo anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake. Ntchito yojambula ndi kukongoletsa zikalata kuofesi kwawoko anamupezera ndi mayiyo, mng'ono wake atamulirira kwa chaka chathunthu. Panthawiyo mlamuyo anali pakhomo la holo, kamera ili pakhosi, akujambula mipando yopanda anthu.

"Alamu, tabwerani kuno."

Anabwera akumwetulira. Atayang'ana pakhoma, kumwetulirako kunachepa pang'ono.

"Koma pakompyuta panga zimaoneka bwinobwino," anatero.

"Ndiye tiitane anthu onsewa akaonere kwanu, pakompyuta panupo?"

"Vuto ndi makina akunowa, alamu. Ndi akalekale."

Makiyi anatsokomola. "Makina anga musawanamizire, achimwene. Taonani apa." Anadina pamawu ena, naloza dzina la fonti pamwamba. "Mtundu wa zilembo munagwiritsa ntchitowu muno mulibe. Kompyuta ikasowa fonti siyiima n'kulira ayi, imangotola ina imene ili nayo. Ndiye yatola yonenepa. Mawu amene amakwana mzere umodzi tsopano akufuna iwiri."

Kenako anadina pamndandanda wa zotsatira uja, ndipo panaoneka mabokosi awiri, lina la maina, lina la manambala, atangoimikidwa moyandikana. Dzina lalitali la mjigo wa kuseri kwa bwalo la mpira linali litapindikira mzere wachiwiri, n'kukankhira maina onse apansi pake mzere umodzi. Manambala okha anatsala pomwe anali.

Mayiyo anatembenukira mlamu wake pang'onopang'ono.

"Ine ndinakupatsani tebulo. Tebulo lenileni, dzina ndi nambala yake mumzere umodzi. Lili kuti?"

"Linkaoneka ngati la kuchipatala. Ndinati ndilipatse moyo."

"Moyo," anabwereza mayiyo. "Ana mazana asanu akumwa zonyansa, inu mwalemba pakhoma kuti madzi awo ndi abwino, ndiye mukuti moyo."

"Sindinalembe ine, alamu, zasuntha zokha."

"Laputopu yanu ili kuti? Tisunge fayiloyi ngati PDF kuchokera pamenepo, basi zithe."

Mlamuyo anakanda kumutu. Laputopu anaisiya kuofesi, kutsidya kwa tauni, poti chikwama cha kamera chinali cholemera kale. Kupita ndi kubwera, ola lathunthu linali losakwana. Mayiyo nayenso yake anaisiya, chifukwa kalata ya khonsolo inanena kuti aliyense abwere ndi fulashi yokha.

"Fontiyo ndikhoza kuipezanso pafoni," mlamuyo anatero mofulumira. "Tingoiika muno."

"Muno simulowa kanthu popanda pasiwedi ya abwana anga," anayankha Makiyi, "ndipo abwana angawo ali kumaliro. Mukanaimatirira m'fayilo momwemo posunga, bwenzi tikuseka pano. Pali kabokosi kongodina. Komabe mafonti ena otola paintanetiwa eni ake amaletsa, salola kumatiridwa."

Apa ndi pamene analowa mkulu wa ofesi yawo, atavala suti ya misonkhano, akununkhira ngati shopu ya sopo. Anamvetsera theka la nkhaniyo, maso ali pawotchi.

"Mayi, musadzipweteke mutu. Ndani amawerenga manambala pakhoma? Inu muzingolankhula, silaidi imeneyo muidutse msanga."

"Bwana, anthu amajambula ndi mafoni. Chithunzi chimenecho chikafika kusukulu ine ndisanatsike n'komwe pansanja."

"Chabwino, ichotseni."

"Ndichotse zotsatira? Nanga anthuwa abwerera chiyani, kudzaona suti?"

Mawuwo anatuluka asanawayeze. Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Tikambirana Lolemba," n'kupita kukalonjera alendo pakhomo.

Mayiyo anakoka mpando nakhala pakompyuta. Makiyi anazimitsa pulojekitala kuti anthu amene ayamba kulowa asaone, ndipo anamuonetsa malo osinthira fonti m'masilaidi onse nthawi imodzi: pamwamba kusankha yosowayo, pansi kusankha ina wamba imene kompyuta iliyonse imakhala nayo.

"Izi sizikonza zonse," anamuchenjeza. "Mudutsebe silaidi iliyonse ndi maso anu."

Anadutsadi. Apa kukoka bokosi kuti likule, apo kuchepetsa zilembo, pena kuchotsa mawu okometsera amene sanalembe iye. Atafika pa zotsatira, anafufuta mabokosi a mlamu wake onse, pamasilaidi atatu, naika matebulo enieni. M'tebulo, dzina likatalika mzere wonse umakula pamodzi, nambala osasiyana ndi mwini wake. Anatulutsa mapepala a zotsatira za kulabotale m'chikwama nawaponya m'manja mwa mlamu wake.

"Werengani. Dzina, kenako nambala. Mukalakwitsa imodzi, ndikakusiyani kwa apongozi anu mukafotokoze nokha."

Mlamuyo anawerenga ndi mawu aang'ono ngati mwana wa sukulu amene sanalembe homuweki. Atamaliza, mayiyo anawerenga mokweza zimene walemba, mlamuyo akutsatira ndi chala papepala. Zinagwirizana. Makiyi anasunga fayiloyo ngati PDF, nanena kuti atsegule imeneyo, poti mmenemo zilembo zimakhala zitamangiriridwa pamalo pake.

"Koma mawu aja ouluka kuchokera m'mbali sauluka," mlamuyo anadandaula. "Ndinatha masiku awiri."

Mayiyo anatsegula PDF ija.

Msonkhano unayamba mochedwa ndi mphindi khumi. Mayiyo analankhula mosathamanga. Atafika pa mjigo wa pasukulu ndi kunena kuti utsekedwe lero lomwe, mayi wina wa magalasi pamzere wachiwiri anakweza dzanja. Anali mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, ndipo m'dzanja linalo anali ndi mapepala.

"Pepani mayi, apa ndasokonezeka. Pepala langali likuti mjigo wathu uli ndi ziro. M'mawa uno ndauza ana pamzere kuti madzi athu ayezedwa ndipo ndi abwino."

"Pepala limenelo mwalitenga kuti?"

"Linabwera paimelo dzulo, kuchokera kuofesi kwanu. Ndinasindikiza kusukulu."

Anthu ena asanu ndi mmodzi anakweza mapepala awo. Mayiyo anayang'ana kumbuyo kwa holo. Mlamu wake anali atabisa nkhope kuseri kwa kamera, akujambula denga. Fayilo yomweyo, ya fonti yake yokongolayo, anali ataitumiza kwa oitanidwa onse osamuuza, ndipo kompyuta iliyonse inaipinda mwa njira yake.

Mayiyo anatsika pansanja. Anayenda mzere ndi mzere akutolera mapepalawo, wina wa khonsolo akukakamira lake mpaka analitulutsa m'manja mwake ngati akulanda mwana mpeni. Atabwerera kutsogolo anati:

"Mapepala awa ndi olakwika, ndipo kulakwako ndi kwa ofesi yathu. Zoona ndi zili pakhomazi. Jambulani zimenezi. Aphunzitsi, chonde musadikire kuti ndimalize. Imbani kusukulu pompano, amange mjigowo ndi tcheni."

Mphunzitsi wamkuluyo anatuluka foni ili kukhutu, nsapato zikugogoda simenti. Mkulu wa ofesi ankangoyang'ana zikhadabo zake. Mijigo isanu inalembedwa kuti itsekedwe, ndipo asanachoke muholomo mayiyo anakhala ndi Makiyi n'kutumiza PDF ija kwa aliyense amene analandira fayilo yadzulo, pamwamba atalemba kuti yakaleyo aifufute.

Panja dzuwa linali paliwombo. Mlamu wake anamupeza pamalo odikirira basi.

"Alamu, ine ndimafuna anthu akonzekere, n'chifukwa chake ndinatumiza."

"Musandilankhule lero."

"Nanga abwana akandifunsa Lolemba ndinene chiyani?"

"Munene zimene munachita."

Basi isanabwere, foni ya mayiyo inalira. Anali mng'ono wake, ndipo nkhani inali itamufika kale.

"Achemwali, akuti mwawanyoza bambo a ana pagulu. Nkhani ya zilembo yokhayo?"

"Anakuuza kuti ndi zilembo?"

"Akuti kompyuta ya kumeneko ndi yakale. Inu mukudziwa mmene tinavutikira asanapeze ntchitoyi. Mukakawanenera kwa abwana, ife tidya chiyani?"

"Ana ako amamwa madzi a kuti?"

"A pampopi, bwanji?"

"Ndiye n'chifukwa chake ukuti zilembo."

Mng'ono wakeyo anayamba kulira, natchula mayi awo, natchula lendi, natchula kuti kuyambira ali ana achemwali ake sankakhululuka kanthu. Mayiyo anamvetsera mpaka basi inaima patsogolo pake. Sanalonjeze chilichonse. Anati adzabwera Loweruka akambirane pamaso, nadula foni.

Kondakitala anafunsa ngati akupita kutauni. Mayiyo anapukusa mutu, nawoloka msewu kukakwera yolowera kusukulu kuja, kuti akaone ndi maso ake ngati tcheni chamangidwadi, ndiponso kuti akafunse ana angati sanabwere sabata imeneyo chifukwa cha m'mimba.